Chitseko chokhula ndi handulo yogwedera: yambirani ku mahinjesi

Chitseko cha kuchipinda kwathu chinkatsekeka ndi bondo. Umayenera kugwira handulo, kuinyamulira m'mwamba, kenako kukankha ndi bondo m'munsi, ndiye loko n'kumva kuti khethe. Tinazolowera, mpaka ana ankadziwa kachitidwe kake. Patapita miyezi ingapo handulo inayamba kugwedera, masikuluwu awiri a mbale yake, chitsulo chachitali chija chokhala ndi bowo la kiyi, anagwa, ndipo pasimenti panajambulika kamzere kokhota koyera pomwe chitseko chinkakwekwereza. Ndinamanga handuloyo katatu, katatu konse inamasukanso, chifukwa ndinkachiza chilonda minga ikadali m'kati. Handulo sinapangidwe kuti izinyamula chitseko. Choncho ngati muli ndi mavuto awiriwa pa chitseko chimodzi, yambani ndi chitseko, handulo ibwere pambuyo. Komanso puleni muisiye kaye m'bokosi.

Zida zake si zambiri: sikuludiraiva yogwirizana ndi mitu ya masikuluwu anu, hamala, tchizulo, guluu woyera wa matabwa, machesi kapena kachidutswa ka nsungwi youma, choko, katoni yopyapyala, tupa, ndi timatabwa tiwiri tosongola tochirikizira chitseko. Dililo ikapezeka ndi bwino, koma ntchito ya mahinjesi itheka ngakhale palibe.

Choyamba: werengani mpata

Tsekani chitseko, muime mbali imene mahinjesi amaonekera, ndipo muyang'ane mpata wa pakati pa chitseko ndi felemu kuzungulira konse. Pa chitseko choikidwa bwino mpatawu umakhala wofanana, mamilimita 2 kapena 3 m'mbali ndi pamwamba. Chitseko cholendewera chimadziulula chokha. Ku mbali ya loko, ngodya ya m'mwamba imakhala itatsamira felemu pamene m'munsi mwa mbali yomweyo muli mpata waukulu. Pamwamba mpata umakula mukamalowera ku loko. Ku mbali ya mahinjesi mpata umakhala waukulu m'mwamba, wochepa m'munsi.

Chifukwa chake n'chosavuta. Kulemera kwa chitseko kumakoka hinjesi ya m'mwamba kuichotsa pa felemu, pamene ya m'munsi imangokankhidwira ku felemu. N'chifukwa chake imene imayamba kufooka ndi ya m'mwamba. Ndipo sipafunika kuti imasuke kwambiri. Chitseko chofala m'nyumba zathu ndi cha mamilimita 813 m'lifupi ndi 2032 m'litali, ndipo mahinjesi ake awiri amatalikirana pafupifupi mamilimita 1600. Hinjesi ya m'mwamba ikatayirira ndi mamilimita 4 okha, ngodya ya m'mwamba yadya kale mpata wonse wa mamilimita 3, ndipo mbali ya loko yatsika ndi mamilimita 2. Kutsika kumeneko n'kokwanira kuti lilime la loko, kachitsulo kaja kamene kamalowa mukatsitsa handulo, liphonye bowo lake la pa felemu.

Kuti mutsimikize, tsegulani chitseko theka, mugwire m'mphepete mwake ku mbali ya loko ndi manja awiri, muchinyamule pang'ono ndi kuchisiya, maso ali pa hinjesi ya m'mwamba. Ndi bwino wina azinyamula inu mukuyang'ana. Mukaona tsamba la hinjesi likusuntha pa thabwa, vuto ndi masikuluwu. Masamba akakhala chete koma timfundo ta pakati, momwe mumadutsa msomali wa hinjesi, tikusewera, ndiye kuti hinjesi yadyeka. Kawirikawiri pamenepo pamaonekanso fumbi lakuda lachitsulo. Zonse zikakhala nganganga koma chitseko n'kumakhulabe, yang'anani kwina: chatupa, chapotoka, kapena felemu yasuntha.

Nkhani ya kutupayi musaichepetse. Thabwa limamwa chinyezi cha mumpweya. Chitseko chimene chimavuta kuyambira Disembala mpaka Malichi koma n'kumatsekeka bwinobwino mu Okutobala sichinalendewere, chimangotupa ndi dzinja. Chotupa chimakhula mbali yaitali mofanana, osati pa ngodya imodzi. Mukachipala mwamphamvu mu Febuluwale, chilimwe chikafika mudzaona kunja kudzera mumpata, ndipo udzudzu udzakuthokozani.

Chachiwiri: mangani masikuluwu, ndipo bowo lotha mulibwezere mnofu

Tsegulani chitseko, mulowetse timatabwa tosongola pansi pake ku mbali ya loko mpaka chinyamuke pang'ono, kulemera kuchoke pa hinjesi. Musalumphe zimenezi. Kumanga sikuluwu chitseko chili lende ndi kulimbana ndi makilogalamu onse a chitsekocho, ndipo mumangomaliza kuononga bowo.

Yesani sikuluwu iliyonse, ya pa felemu ndi ya pa chitseko. Ngati mutu wake wadzala penti, palani kaye kamzereko ndi nsonga ya mpeni, apo ayi sikuludiraiva idzaterereka n'kudya mutu. Sikuluwu yabwino imazungulira pang'ono n'kuima. Yotha imangozungulira osaleka. Pa chitseko chathu, mwa masikuluwu anayi a tsamba la pa felemu, awiri ankangozungulira, imodzi inali yaifupi ngati ya wailesi, ndipo pa bowo lachinayi panali msomali wokhomedwa n'kupindidwa mutu. Amisiri ena akafulumira amachita zimenezi, ngakhale kukhoma sikuluwu ndi hamala ngati msomali. Sikuluwu yokhomedwa imang'amba thabwa m'malo modzitsegulira njira, ndiye sigwira.

Bowo lotha mulikonze motere. Chotsani masikuluwu a tsamba limodzi lokha, mupinde tsambalo kuti mabowo aoneke. Hinjesi inayo isiyeni ili yomanga. Tokosani fumbi la m'bowo. Fumbilo mulione bwino: ngati likutuluka lambiri ngati ufa, kapena muli dothi, ndipo nsonga ya sikuludiraiva ikulowa m'thabwa ngati m'nthochi, felemu yadyedwa ndi chiswe kapena yafumbwa. Pamenepo machesi sathandiza. Pafunika kudula gawo lodyekalo n'kuikapo thabwa lina, kapena kusintha felemu.

Ngati thabwa lili lolimba, thyolani mitu ya machesi, muviike timitengoto m'guluu, mutilowetse m'bowo kamodzikamodzi mpaka komaliza kafune hamala. Bowo la sikuluwu ya hinjesi limadya timitengo tinayi kapena tisanu. Ine ndimakonda nsungwi youma kuposa machesi, chifukwa mtengo wa machesi ndi wofewa. Sengani kansungwi kakhale kosongoka, konenepa pang'ono kuposa bowo, kapakeni guluu, kakhomereni, mudule chotsala kuti pafanane ndi thabwa. Pukutani guluu wosefukira ndi kansanza konyowa. Kenako dikirani. Botolo likhoza kunena kuti guluu amagwira msanga, koma pa hinjesi ya m'mwamba ndi bwino agone usiku wonse, chitseko chili pa timatabwa take.

M'mawa bwezerani tsamba la hinjesi pamalo pake, mubowole kabowo kotsogolera pakati penipeni pa bowo lililonse la hinjesiyo. Pa sikuluwu yonenepa mamilimita 4, kabowoka kakhale ka mamilimita 2.5, kapena 3 ngati thabwa ndi lolimba ngati mlombwa. Popanda dililo, khomani msomali woonda n'kuuzula ndi pulayala. Kabowo kakapatuka pakati, mutu wa sikuluwu umakankha hinjesi kumbali polowa, ndipo chitseko chimabwerera chopendekeka. Pakani sopo kapena kandulo pa sikuluwu, mumange ndi dzanja mpaka mutu ubisale m'malo mwake. Mutu wotumphuka umagundana ndi tsamba linalo, chitseko n'kumakana kutsekeka.

Za kutalika kwa sikuluwu ndinenepo pang'ono. Mwina munamvapo malangizo akuti ikani sikuluwu yaitali ya mamilimita 75 kuti ikagwire mtengo wa kuseri kwa felemu. Malangizo amenewo ndi a kumaiko kumene makoma amamangidwa ndi matabwa. Kwathu kuseri kwa felemu kuli njerwa. Sikuluwu yopitirira kunenepa kwa felemu imakagunda khoma, n'kuima mutu usanalowe, kapena kuthyoka. Yezani felemu yanu, mugule sikuluwu yotsala mamilimita 5 kuti ibowole. Kawirikawiri ya mamilimita 40 imakwanira. Ku mbali ya chitseko, ngati ndi chija chopepuka cha pulayiwudi, kumbukirani kuti m'kati mwake ndi mphako. Thabwa lenileni ndi kamzere ka m'mphepete kokha, ndiye sikuluwu yaitali kwambiri nsonga yake imakangolendewera m'mphepo.

Mukamanga, chotsani timatabwa, mutseke. Zitseko zambiri zimachira pomwepa. Chathu ngodya ya m'mwamba inasiya kukhula nthawi yomweyo, koma mpata wake unali wochepabe, moti pepala linkadutsa movutikira.

Chachitatu: katoni kuseri kwa hinjesi ya m'munsi

Masikuluwu akalimba koma chitseko n'kukhalabe chopendekeka pang'ono, muyenera kuchitembenuza kuti mbali ya loko ikwere. Njira yosavuta ndi kukankha m'munsi. Chirikizaninso chitseko, masulani tsamba la pa felemu la hinjesi ya m'munsi, mudule katoni yopyapyala yolimba, monga ya paketi ya sopo kapena ya tiyi, ifanane ndi tsambalo. Musagwiritse ntchito katoni ya mabokosi akuluakulu ija yokhala ndi mphako m'kati, imaphwa pakapita masabata. Ikani chidutswa chimodzi kuseri kwa tsamba, mangani, yesani. Chikachepa onjezani china. Pa chathu zinakwana ziwiri. Izi zimatheka pokhapokha ngati m'munsi mwa mbali ya loko muli mpata woti chitseko chisunthireko. Mukafika zidutswa zitatu kapena zinayi osaona kusintha, lekani, vuto lili pena.

Ngati m'munsi mulibe mpata, chitani zosiyana: mizani hinjesi ya m'mwamba. Ichotseni pa felemu, museme ndi tchizulo malo ake kuti azame ndi milimita imodzi yokha. Apa dzanja likhale lopepuka. Mukazamitsa kwambiri, m'mphepete mwa chitseko mumagunda felemu loko asanafike, chitseko n'kumabwerera chokha ngati pali wochikankha, ndipo pochikakamiza mumazula masikuluwu omwe mwangokonza aja. Zikatero bwezeranimo katoni.

Hinjesi yodyeka timfundo ilibe mankhwala, gulani ina. Pitani nayo yakaleyo kusitolo kuti mufananitse kukula ndi mabowo, ndipo musinthe zonse, imodzi ikatha kenako inayo. Pa chitseko cholemera cha mlombwa mahinjesi a mamilimita 100 atatu ndi abwino kuposa awiri.

Pa felemu yachitsulo nkhani imasiyana, chifukwa tsamba limodzi la hinjesi limabwera lowotchereredwa kale. Mungamange masikuluwu a ku chitseko kokha, ndipo katoni muiike pakati pa tsamba ndi chitseko. Ngati tsamba la m'mwamba lapindikira kunja, chotsani chitseko, muligwire ndi sipanala yosintha kukamwa, mulibwezere pang'onopang'ono. Likang'aluka powotcherera, itanani wowotcherera, ndipo chitseko chikhale kutali pamene akuyatsa moto.

Pali chitseko china chimene mahinjesi ake ali bwino koma chokha chagwa mapewa: cha mapanelo chimene mfundo zake zamasuka, kapena cha matabwa oimirira chokhomedwa pa mitanda. Yezani kuchokera ngodya ina kukafika ngodya yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyezo iwiriyo ikasiyana, chitseko chataya sikweya. Cha matabwa oimirira chimafuna thabwa lopingasa lochokera m'munsi ku mbali ya mahinjesi kukwera kupita ku mbali ya loko. Mukaliika mozondoka silinyamula kanthu. Cha mapanelo chimafuna kumasulidwa mfundo, guluu ndi zopanira, ndipo imeneyo ndi ntchito ya kalipentala.

Chachinayi: puleni, ngati ikufunikadi

Mahinjesi akakhala bwino koma pena pakukhulabe, ndiye tengani puleni. Pakani choko pa felemu, mutseke ndi kutsegula kawiri. Pamene choko chadinda pa chitseko ndi pokhapo popala. Palani pang'ono, yesani, palaninso. Popala pamwamba kapena pansi yambirani ku ngodya kulowera pakati, chifukwa mukatulukira ku ngodya thabwa limabenthuka. Yang'anirani misomali yobisika, imaononga mpeni wa puleni. Chitseko cha pulayiwudi musachipale mopitirira mamilimita ochepa, mungafike pa mphako. Ngati mbali yonse ya loko ikufuna kuchepetsedwa, ndi bwino kupala mbali ya mahinjesi n'kuzamitsanso malo awo, kusiyana ndi kusiya chitsulo cha loko chili pamtunda. Mukamaliza pakani penti kapena vanishi pamene mwapalapo, kuphatikizapo pansi ndi pamwamba pa chitseko, pamene apenti ambiri safikapo. Mpamene chinyezi chimalowera, makamaka pansi, chifukwa cha madzi okolopera.

Kenako onani ngati lilime la loko likulowa m'bowo la kachitsulo ka pa felemu. Chitseko chikakwera, nthawi zambiri limabwerera lokha pamalo pake. Likamagundabe, lipakeni choko, mutseke, muone pamene ladinda, mukulitse bowolo ndi tupa. Kuphonya kwa milimita imodzi kapena iwiri tupa imathetsa. Kukaposa apo, sunthani kachitsuloko, mabowo ake akale muwatseke ndi nsungwi ndi guluu monga munachitira ku hinjesi.

Tsopano handulo

Kugwedera kulipo kwa mitundu itatu, ndipo muusiyanitse musanamasule kanthu. Gwirani handulo, muigwedeze, chala china chili pa mbale yake, chitsulo chachitali chija chokhala ndi bowo la kiyi. Mbale ikamasuntha pa chitseko, ndi masikuluwu. Mbale ikakhala chete koma handulo n'kumasewera m'khosi mwake kapena kuwerama osabwerera, vuto lili kuseri kwa mbale. Handulo ikamatsika kaye mtunda lilime lisanayambe kulowa, kadyeka ndi kamtanda ka ngodya zinayi kolumikiza mahandulo awiriwo.

Ntchito yonseyi muigwire chitseko chili chotsegula, ndipo muike nsapato pakhomo kuti mphepo isachitseke. Ine chinanditsekera ndili m'chipinda, mahandulo onse ali pansi, kamtanda kali panja. Ndinatuluka polowetsa sikuludiraiva yaphanthi m'bowo la ngodya zinayi la loko n'kupotoza. Kachenjerero kameneka mukasunge.

Masulani mbale zonse ziwiri, musolole kamtanda. Kawirikawiri kamakhala ka mamilimita 8 mbali iliyonse. Onani ngodya zake: zikabulungira, gulani kena, n'kotchipa. Onaninso kutalika. Kakafupika kamathawira mbali imodzi, handulo ya mbali inayo n'kumangogwira nsonga. Kakatalika kamaletsa mbale kugona pa chitseko, ndiye ngakhale mumange chotani zimagwederabe. Kotalika kaduleni ndi sowo ya zitsulo, mukwecheko ndi tupa. Lowetsani kamtandako m'loko mopanda handulo, mukapotoze ndi pulayala. Ngati n'katsopano koma kakuseweramo kwambiri, kapena lilime silibwerera lokha, wadyeka ndi loko, ndipo musinthe loko yense.

Tembenuzani mbale muone kuseri. Handulo imagwiridwa ndi kamphete kachitsulo kokhala mumkwasa, ndipo pansi pake pali kasipuling'i kozungulira kamene kamaibweza m'mwamba. Kamphete kakatuluka mumkwasa, kakanikizireni m'malo ndi pulayala. Sipuling'i yothyoka mukhoza kuchotsa pa handulo ina yakale, koma muone kuti ndi ya mbali yomweyo, chifukwa za kumanja ndi za kumanzere zimapindikira kosiyana. Ngati khosi la handulo ladyeka, monga zimachitira zotchipa zija zachitsulo chofewa, musataye nthawi, gulani peyala ina. Pitani ndi yakale kuti mtunda wochokera pa bowo la kamtanda kufika pa bowo la kiyi ufanane.

Za masikuluwu a mbale, apa mpamene ndinkalepherera. Chitseko ndi chonenepa mamilimita 40 okha, ndipo pakati pake anasemapo mphako ya loko, kotero mbali iliyonse kwatsala thabwa la mamilimita 12 kapena kucheperapo. Sikuluwu ilibe pogwira pokwanira, ndipo yaitali imakagunda bokosi la loko. Mabowo amene ali pa thabwa lodzaza atsekeni ndi machesi ndi guluu. Amene akutulukira m'mphako ya loko muyambe mwachotsa lokoyo, kuti guluu asadonthere m'kati.

Njira imene inathetsa nkhani kwathu ndi mabawuti oonda a mamilimita 4 odutsa chitseko chonse, aja okhala ndi kanati kautali kolowa m'bowo la mbale inayo. Mbale ziwirizo zimakokana zokha, chitseko chili pakati, osadaliranso thabwa. Sankhani mabowo awiri a mbale amene sakulunjika pa bokosi la loko, kapena olunjika pa mabowo amene maloko ena amakhala nawo kale. Ikani lokoyo pambali pa chitseko muyerekeze musanabowole. Bowolani kuchokera mbali zonse ziwiri kuti mabowo akumane pakati, pulayiwudi asang'ambike. Mutu wokhala ndi kamzere ka sikuludiraiva ukhale m'kati mwa nyumba. Njira imeneyi ndiyonso yothandiza pamene sikuluwu ikungogwira khungu la pulayiwudi, monga zimachitikira mmisiri akaika loko ku mbali yolakwika. Zitseko zopepukazi zimakhala ndi chipika cha loko chobisika m'kati, nthawi zambiri mbali imodzi yokha. Mukagogoda ndi chala mumamva pamene pali podzaza.

Ngati handulo yanu ndi ya kambale kozungulira, yang'anani pansi pa khosi lake. Pali kasikuluwu kopanda mutu kamene kamaluma kamtanda, ndipo kamamangidwa ndi alenikiyi yaing'ono. Masikuluwu a kambaleko amabisika pansi pa chivundikiro chimene chimapotozedwa kapena kutukulidwa ndi nsonga ya mpeni.

Pobwezera, lowetsani kamtanda kuti katuluke mofanana mbali zonse, ikani mbale zonse ziwiri, mulowetse kiyi kuti mabowo alunjike, ndipo masikuluwu onse muyambe mwawamanga theka. Tsitsani handulo kangapo kuti mbale zipeze pokhala, kenako malizani kumanga mosinthanasinthana, iyi pang'ono, iyo pang'ono. Handulo ikayamba kulimba kapena kuleka kubwerera, ndiye kuti mwapanikiza kapena mbale yapendekeka, bwezani pang'ono. Pa lilime pakani kandulo, ndipo pa kiyi kwechani mtovu wa pensulo. Mafuta ophikira ayi, amagwira fumbi n'kusanduka phala. Yesani handulo ndi kiyi mbali zonse chitseko chili chotsegula, ndipo poyamba kuchitseka pakhale munthu wina kunja ali ndi sikuludiraiva m'manja.